Tchati chimodzi, mafunso anayi: kusintha muyezo ndi paramita mu Tableau

Pafupifupi aliyense wophunzira Tableau amayambira pa sitolo imodzi yongopeka. Imabwera pamodzi ndi pulogalamuyo, dzina lake ndi Sample - Superstore, ndipo imagulitsa mipando, mafoni, mapepala ndi katundu wina wa mu ofesi ku America. Mukajambula tchati cha ndalama zimene katundu aliyense walowetsa, matebulo amakhala m'gulu la katundu woyenda malonda kwambiri, pafupi ndi mafoni ndi mipando. Mukajambula tchati cha phindu, matebulo omwewo amagwera pansi penipeni, kuseri kwa ziro, chifukwa sitoloyo imaluza pa iwo. Mukafunsa za kuchuluka kwa katundu wotuluka, patsogolo pamabwera mafayilo osungiramo mapepala ndi mapepala enieniwo, zinthu zotchipa zimene zimagulidwa mwaunyinji. Katundu ndi yemweyo, deta ndi yomweyo, koma funso lililonse lili ndi mfumu yakeyake.

Wokonza lipoti ali ndi njira ziwiri. Akhoza kujambula matchati anayi n'kuwapanikiza pa tsamba limodzi, zilembo n'kuchepa mpaka abwana kumachita kutsinzinira kuti awerenge. Kapena akhoza kujambula tchati chimodzi chachikulu bwino, pambali pake n'kuikapo kabokosi koti wowerenga asankhe yekha chimene akufuna kuona. Kabokosi kameneka kamayendetsedwa ndi chinthu chotchedwa paramita. Kupanga kwake si kovuta. Ntchito yeniyeni ili pa zimene zimatsatira, chifukwa ndalama, chiwerengero cha katundu ndi maperesenti ndi zinthu zosiyana chibadwa, ndipo inu mukuzikakamiza kugona m'chipinda chimodzi.

Kwa amene sanaionepo, Tableau ndi pulogalamu ya pa kompyuta yosandutsa manambala a m'matebulo a deta kukhala zithunzi. Inayamba mu 2003, kuchokera ku kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford, oyambitsa ake ndi Chris Stolte, Pat Hanrahan ndi Christian Chabot, ndipo kampani ya Salesforce inaigula mu 2019. Mukatsegula deta, kumanzere kwa sikirini kumaoneka mayina a zonse zimene zili m'detamo. Zina ndi zogawira zinthu m'magulu, monga Region kapena Sub-Category. Zina ndi manambala oti n'kuwonkhetsedwa, monga Sales, Profit ndi Quantity. Manambala amenewa ndiwo miyezo, ndipo ndi imene tikufuna kuti wowerenga azisinthasintha.

Paramita payokha sichita kanthu

Ambiri amasokonezeka pano chifukwa anazolowera sefa. Sefa imagwira deta mwachindunji: mukasankha West, mizere yonse ya madera ena imachoka nthawi yomweyo. Paramita sitero. Iyo imangosunga chinthu chimodzi chimene munthu wasankha, kaya ndi nambala, mawu kapena tsiku, basi. Sidziwa kuti pali tchati, sidziwa kuti pali Sales. Ili ngati swichi ya magetsi yokhomedwa pakhoma koma yopanda waya: muidine mpaka chala chitope, babu siliyaka. Waya wake ndi fomyula imene mudzalemba, yomwe imawerenga chimene chasankhidwa n'kubweretsa muyezo woyenera. Choncho zinthu zofunika ndi zitatu: paramita, fomyula yoiwerenga, ndi tchati chomangidwa pa fomyulayo osati pa muyezo weniweni.

Tiyambe ndi paramita. Pamwamba pa mbali ya kumanzere ija, yolembedwa Data, pali kamuvi koloza pansi. Mukakadina pamatuluka mndandanda, ndipo musankhe Create Parameter. Pa Name lembani dzina limene wowerenga adzalimva, chifukwa lidzaoneka pamwamba pa kabokosi. Ife tilemba Sankhani Muyezo. Pa Data type sankhani Integer, kutanthauza manambala athunthu. Pa Allowable values pali All, List ndi Range. Ife tikufuna List, popeza tikupereka zosankha zowerengeka.

Mukatero pamaoneka katebulo ka mbali ziwiri, Value ndi Display As. Mbali yoyamba ndi imene fomyula idzawerenga, yachiwiri ndi imene munthu adzaona. Lembani 1 pa Value, pambali pake Ndalama zolowa. Kenako 2 ndi Phindu, 3 ndi Katundu wotuluka, 4 ndi Phindu pa 100 iliyonse. Pa Current value siyani choyamba chija, ndipo dinani OK. Paramitayo iwonekera pansi kumanzere, pa gawo lolembedwa Parameters.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi manambala pamene tikanasankha String n'kulemba mawu enieniwo. Njira imeneyo imagwira ntchito, ndipo maphunziro ambiri amayambira pomwepo. Vuto lake ndi lakuti fomyula iyenera kubwereza mawuwo ndendende. Mukalemba Profit Ratio mu paramita koma ProfitRatio mu fomyula, kapena chala chikasiya kampata kumapeto kwa mawu, Tableau sidandaula konse. Fomyula imaoneka yabwinobwino, koma munthu akasankha chinthucho tchati chimangoti mbee, chopanda kanthu. Ndi manambala zotere sizichitikachitika. Komanso tsiku limene abwana adzati mawu akuti Phindu asinthidwe, kapena lipoti lomwelo lifunike m'Chingerezi kwa ena ndi m'Chichewa kwa ena, mudzangosintha Display As osakhudza fomyula. Ine ndimaona kuti chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira.

Tsopano dinani paramitayo ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Show Parameter. M'matembenuzidwe akale a pulogalamuyi mawu ake anali Show Parameter Control. Kabokosi kaoneka kumanja kwa sikirini. Yesani kusintha, ndipo muona kuti palibe chikuyenda. Zili bwino, sitinafike.

Fomyula yolumikiza

Pitani pa Analysis pamwamba, musankhe Create Calculated Field. Itcheni Muyezo Wosankhidwa, ndipo lembani izi:

```
CASE [Sankhani Muyezo]
  WHEN 1 THEN SUM([Sales])
  WHEN 2 THEN SUM([Profit])
  WHEN 3 THEN SUM([Quantity])
  WHEN 4 THEN SUM([Profit]) / SUM([Sales])
END
```

Fomyulayi ikuti: yang'ana chimene chili mu paramita, chikakhala 1 bweretsa kuwonkhetsa kwa Sales, chikakhala 2 bweretsa kwa Profit, mpaka pa 4 pamene igawa phindu lonse ndi ndalama zonse zolowa. Onani kuti mukufananitsa ndi 1, 2, 3, 4, osati ndi mawu a pa Display As. Fomyula sidziwa kuti mawu ajawa alipo. Ngati zonse zalembedwa bwino, pansi pa bokosilo pamaoneka mawu akuti The calculation is valid.

Kenako tchati. Kokerani Sub-Category pa malo olembedwa Rows, ndi Muyezo Wosankhidwa pa Columns. Mupeza mizati yogona 17, umodzi pa mtundu uliwonse wa katundu. Sinthani kabokosi kuchoka pa Ndalama zolowa kupita pa Phindu, ndipo mzati wa Tables utembenukira kumanzere pamodzi ndi wa Bookcases ndi wa Supplies, pamene wa Copiers, umene sunali patsogolo, utalika kuposa yonse. Ngati kabokosi kakusintha koma tchati changokhala duu, yang'anani pa Columns. Nthawi zambiri pamakhala padakali SUM(Sales) yoyamba ija, fomyula yatsopano ili chikhalire kumanzere osagwiritsidwa ntchito.

Pa Columns pomwepo muonanso kuti kachidutswa kobiriwira sikanalembedwe SUM ngati masiku onse, koma AGG(Muyezo Wosankhidwa). Tableau ikukuuzani kuti kuwonkhetsa kwachitika kale m'kati mwa fomyula, ndipo siiwonjezerapo kwake. Kachinthu kameneka kakuoneka kakang'ono, koma mpamene pagona kusiyana kwa tchati choona ndi tchati chonama.

Chifukwa chake SUM ili m'kati

Pali njira yachidule imene anthu amaikonda, yolemba WHEN 1 THEN [Sales] popanda SUM, kenako n'kusiyira Tableau kuti iwonkhetse yokha pa Columns. Pa Sales, Profit ndi Quantity zimayenda, chifukwa zonsezi kuziwonkhetsa n'kwanzeru. Zimasokonekera mukangowonjezera muyezo wogawa. Fomyula yopanda SUM imagwira ntchito pa mzere uliwonse wa deta paokha, ndipo kuwonkhetsa kumabwera pambuyo. Pa kugawa, chimene chayamba ndi chimene chatsatira chimasintha yankho.

Tiyerekeze kuti katundu wina wagulitsidwa kawiri kokha. Koyamba analowetsa madola 1,000 ndi phindu la madola 100, kumene ndi 10 peresenti. Kachiwiri analowetsa madola 100 ndi phindu la madola 50, kumene ndi 50 peresenti. Mukagawa mzere uliwonse paokha, Tableau n'kuwonkhetsa, mupeza 60 peresenti, nambala yopanda mutu. Mukati m'malo mowonkhetsa mutenge avereji, mupeza 30 peresenti, imene ikuoneka ngati yanzeru koma ndi yabodza, chifukwa yapatsa malonda a madola 100 kulemera kofanana ndi a madola 1,000. Zoona zake n'zakuti phindu lonse ndi 150, ndalama zonse ndi 1,100, ndipo 150 kugawa ndi 1,100 ndi 13.6 peresenti. Yankho limeneli limapezeka pokhapokha mutawonkhetsa kaye mbali iliyonse, kugawa n'kubwera pomaliza, monga mzere wachinayi wa fomyula yathu ukuchitira.

Nambala ya 60 ija ndi yosavuta kuigwira. Pa deta yeniyeni ya mizere masauzande imakula mpaka kupereka maperesenti osatheka, ndipo aliyense amadabwa. Yoopsa ndi ya 30, chifukwa imadutsa pa msonkhano popanda woifunsa.

Mukangoika SUM pa mzere umodzi, muyenera kuika kuwonkhetsa pa mizere yonse. Mukasakaniza, mzere wina wokhala ndi SUM wina wopanda, Tableau imakana ndi uthenga wofiira woyamba ndi mawu akuti Cannot mix aggregate and non-aggregate. Anthu amakumana nawo kwambiri akatenga Profit Ratio yopangidwa kale mu Superstore n'kuiika pamodzi ndi [Sales] yosawonkhetsa. Profit Ratio ili kale ndi ma SUM awiri m'mimba mwake, choncho singakhale pamodzi ndi nambala ya mzere umodzi. Mankhwala ake si kuchotsa SUM pa iyo, koma kuveka SUM pa zinzake. Paramita yokha siyambitsa mkangano wotere, popeza ndi nambala imodzi yokhazikika imene imagwirizana ndi mbali zonse.

Ubwino wina wa kulemba kuwonkhetsa m'kati ndi wakuti muyezo uliwonse umatenga njira yake. Mu Superstore muli Discount, kuchotsera mtengo, kolembedwa ngati 0.2 kutanthauza 20 peresenti. Kuwonkhetsa manambala otere kulibe tanthauzo. Mukafuna kuuwonjezera ngati chosankha chachisanu, mulemba WHEN 5 THEN AVG([Discount]), ina yonse n'kukhalabe pa SUM. Ndi njira yachidule ija simungathe, chifukwa pa Columns mumasankha kuwonkhetsa kwa mtundu umodzi kwa onse. Ndipo kumbukirani kuti kuwonjezera chosankha ndi ntchito ya malo awiri, mu paramita ndi mu fomyula. Mukaiwala kumodzi, 5 adzaoneka m'kabokosi koma tchati chidzakhala chopanda kanthu, chifukwa CASE ikasowa mzere wogwirizana imabweza Null.

Zovala za manambala

Apa ndi pamene matchati ambiri otere amaonekera kuti sanamalizidwe. Tableau imalola kalembedwe kamodzi ka manambala pa fomyula imodzi. Mukauza Muyezo Wosankhidwa kuti azioneka ngati ndalama, ndiye kuti kuchuluka kwa mapepala nakonso kudzakhala ndi chizindikiro cha dola kutsogolo, ndipo phindu la 0.136 lidzaoneka ngati $0. Mukauza kuti azioneka ngati peresenti, madola 1,100 adzasanduka 110,000 peresenti. Mukasiya osakhudza, wowerenga adzaona 0.136 n'kumadzifunsa ngati ndi ndalama kapena chiyani.

Njira imene ndimaiona yodalirika ndi yosiya fomyula yaikulu kuti izingoyang'anira kutalika kwa mizati, n'kupanga mafomyula ena ang'onoang'ono olembera manambala kumapeto kwa mzati. Iliyonse imabweretsa nambala pa nthawi yake yokha. Yoyamba itcheni Lemba Ndalama:

```
IF [Sankhani Muyezo] <= 2 THEN [Muyezo Wosankhidwa] END
```

Yachiwiri, Lemba Chiwerengero, ndi chimodzimodzi koma ndi = 3, ndipo yachitatu ndi Lemba Peresenti:

```
IF [Sankhani Muyezo] = 4 THEN [Muyezo Wosankhidwa] END
```

Popeza palibe ELSE, fomyula imene si nthawi yake imabweza Null, ndipo Null pa chizindikiro salemba kanthu. Tsopano iliyonse ikhoza kuvala zake. Idineni ndi batani la kumanja, mupite pa Default Properties, kenako Number Format. Yoyamba ipatseni Currency (Custom), yachiwiri Number (Custom) yopanda manambala a pambuyo pa kadontho, yachitatu Percentage yokhala ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho. Kokerani zonse zitatu pa Label, m'kabokosi kolembedwa Marks.

Pali kanthu kamodzi koti mukonze. Tableau imaika chilichonse pa mzere wakewake, ndiye nambala imaoneka ngati yakwera kapena yatsika poyerekeza ndi mzati, malinga ndi fomyula imene ikulankhula. Dinani Label, kenako kabatani ka timadontho titatu pafupi ndi Text, ndipo ziikeni zonse pa mzere umodzi zogundana, popanda mpata pakati.

Mzere wa manambala wa pansi pa tchati ukhalabe ndi vuto lomwe lija, chifukwa umatsatira fomyula yaikulu. Pa tchati cha mizati 17 yokhala ndi nambala iliyonse kumapeto kwake, mzerewo sufunika. Udineni ndi batani la kumanja, muchotse chizindikiro pa Show Header. Pa tchati cha mzere woyenda ndi miyezi, pamene simungalembe nambala pa kadontho kalikonse, kuubisa kumapweteka wowerenga, ndipo ndi pamene muyenera kuganizira njira ina imene tiifike kumapeto.

Kuli amene amathetsa nkhaniyi posandutsa nambala kukhala mawu ndi STR, n'kumata okha chizindikiro cha dola kapena cha peresenti. Zimatheka, koma mumataya timakoma tolekanitsa masauzande, ndipo nthawi zina pamatuluka mchira wautali wa manambala pambuyo pa kadontho. Mumathera nthawi kukonza zimene Number Format ikanachita ndi kudina kuwiri.

Tchati chinene chimene chikuonetsa

Munthu akajambula tchaticho n'kutumizira mnzake pa foni, kabokosi kosankhira kamatsalira, ndipo wolandira amangoona mizati yopanda dzina. Choncho mutu wa tchati uyenera kusintha pamodzi ndi muyezo. Dinani kawiri pa mutuwo, ndipo m'bokosi limene litseguke dinani Insert, musankhe Parameters.Sankhani Muyezo. Mukhoza kuwonjezera mawu anu pambuyo pake, monga akuti pa mtundu uliwonse wa katundu. Mutuwo umaonetsa mawu a pa Display As, osati nambala, choncho wowerenga aona Phindu osati 2. Kuyambira pa Tableau 2023.1, dzina la mzere wa manambala nalonso likhoza kutengedwa ku paramita kudzera pa Edit Axis. Kale dzinalo linkangokhala la fomyula, kapena munkalifufuta.

Zinthu zimene zimakakamira pa muyezo wakale

Tchati chikamangidwa munthu akuyang'ana muyezo umodzi, zosankha zina zimene wapanga zimakhala zoyenera muyezo umenewo wokha. Zimadzaonekera wowerenga akasintha.

Choyamba ndi kasanjidwe ka mizati. Mukakoka mayina ndi dzanja kuti wautali ukhale pamwamba, Tableau imasunga ndondomeko imeneyo ngati yokhazikika, ndipo mukapita pa Phindu mizati imakhala yosokonekera, wautali pakati, waufupi pamwamba. Dinani Sub-Category pa Rows ndi batani la kumanja, musankhe Sort, pa Sort By muike Field, pa Sort Order muike Descending, ndipo pa Field Name musankhe Muyezo Wosankhidwa. Mukatero mizati imadzisanja yokha nthawi iliyonse. Kuona Tables akutsetsereka kuchoka kumtunda kupita pansi ndi kumene kumachititsa munthu kumvetsa nkhani ya sitoloyo popanda womufotokozera. Ena amakonda kusanja ndi Sales nthawi zonse kuti katundu aliyense akhale pa malo ake, diso lisamamusake. Nazonso ndi nzeru, bola mwasankha dala.

Chachiwiri ndi malire a mzere wa manambala. Mukapita pa Edit Axis n'kukhazikitsa kuti uziyambira pa 0 mpaka 350,000 chifukwa ndalama zolowa zikukwana bwino pamenepo, ndiye kuti pa maperesenti mizati yonse idzasowa. Idzakhalapo ndithu, koma 0.136 pa mzere wofika 350,000 saoneka ndi maso. Pa Phindu mizati yoluza idzadulidwa, popeza mzere sukupita kuseri kwa ziro. Siyani pa Automatic.

Chachitatu ndi sefa yoikidwa pa fomyula yaikulu. Wina amafuna kubisa katundu wolowetsa ndalama zochepa, ndiye amakokera Muyezo Wosankhidwa pa Filters n'kunena kuti pazioneka okhawo ofika 50,000. Pa ndalama zikuyenda. Pa Katundu wotuluka ndi pa maperesenti palibe wofika pamenepo, ndiye tchati chonse chimachoka. Ngati cholinga ndi kubisa olowetsa zochepa, sefayo ikhale pa SUM(Sales) yeniyeni. Mzere wa cholinga wolembedwa ndi nambala yokhazikika, monga wonena kuti aliyense afike 100,000, uli ndi vuto lofanana nalo. Ukakhala wa Average umadziwerengera wokha pa muyezo uliwonse.

Mitundu nayo imasintha. Mukaika fomyula yaikulu pa Color n'kusiya pa Automatic, Tableau imagwiritsa mtundu umodzi wopita ukuderapo ngati manambala onse ali pamwamba pa ziro, ndipo imasinthira ku mitundu iwiri, olenji ndi buluu, pakapezeka oluza. Pa tchati chathu zimenezi zimathandiza, chifukwa oluza amaonekera patali. Koma mukakhazikitsa nokha Start ndi End wa mitunduyo, mwabwerera ku vuto la malire lija.

Njira yogwirira zonsezi ndi imodzi yokha: musanapereke lipoti, dutsani pa chosankha chilichonse, ndipo pa chilichonse tengani katundu mmodzi, mufananitse nambala yake ndi ya pa tsamba lina pamene mwaika muyezo weniweni wopanda paramita. Pa chachinayi, fananitsani ndi Profit Ratio ya Superstore. Zikasiyana, vuto lili pa kuwonkhetsa.

Kufika kwa wowerenga

Mukaika tchaticho pa dashibodi, kabokosi kamene kanali kuoneka pa tsamba kamabwera nako. Kakapanda kubwera, dinani tchaticho, kenako kamuvi ka pakona pake, mupite pa Parameters. Kabokosiko kali ndi maonekedwe angapo. Compact List imabisa zosankha mpaka munthu adine, pamene Single Value List imazionetsa zonse ndi timabwalo todinapo. Pa zosankha zinayi ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa munthu wosazolowera sadziwa kuti kuseri kwa kamuvi kuli zinthu. Amene akufuna mabatani okongola akhoza kugwiritsa ntchito Change Parameter, ya pa Actions, imene inabwera ndi Tableau 2019.2 ndipo imalola kuti kudina pa chinthu cha m'tchati kusinthe paramita.

Paramita ndi ya buku lonse, osati ya tsamba limodzi. Mukamanga mapu ndi tchati cha miyezi pa fomyula yomweyo, kabokosi kamodzi kamasintha zonse pamodzi, ndipo imeneyi ndiyo mphamvu yake yaikulu. Mbali ina ya nkhani yomweyo n'njakuti mukasintha pa tsamba lina, masamba onse odalira paramitayo asintha, ngakhale amene simukuwaona. Mukafuna matchati awiri oyandikana, china cha Phindu china cha Ndalama zolowa, aliyense wosankhidwa payekha, mufunika maparamita awiri ndi mafomyula awiri. Paramita imodzi imasunga chinthu chimodzi, ndipo silola kusankha ziwiri nthawi imodzi.

Lipoti likaikidwa pa Tableau Server kapena Tableau Cloud, limatseguka ndi chimene chinali chosankhidwa pa nthawi yolitumiza, choncho bwezerani pa muyezo umene mukufuna kuti anthu ayambe kuona. Wowerenga akasintha, zimasintha kwa iye yekha. Ndipo ngati mukuphunzirira pa Tableau Public, yomwe ndi yaulere, kumbukirani kuti chimene mwatumiza kumeneko chili poyera. Superstore ilibe chinsinsi, koma deta ya kuntchito kwanu ili nacho.

Pamene paramita siyofunika

Pali njira ina yosafuna fomyula. Tableau ili ndi zinthu ziwiri zopangidwa kale, Measure Names ndi Measure Values. Mukaika Measure Values pa Columns, Measure Names pa Filters, n'kuonetsa sefayo ngati Single Value (list), wowerenga amasankha muyezo chimodzimodzi. Ubwino wake ndi wakuti muyezo uliwonse umabwera ndi kuwonkhetsa kwake ndi kalembedwe kake ka manambala, ndiye ntchito ya mafomyula atatu olembera ija imachepa. Pa tchati chimodzi chokha, iyi ndi njira yoyamba kuiyesa.

Malire ake ndi awiri. Sefa ya Measure Names imagwira tsamba lake lokha, simungaiuze kuti iyendetsenso masamba ena monga mumachitira ndi sefa wamba. Komanso Measure Values singalowe mu fomyula. Mukafuna kuwerengera kusiyana kwa chaka chino ndi chatha pa muyezo wosankhidwa, kapena kusefa katundu khumi wapamwamba motsatira chimene munthu wasankha, mufunika chinthu chokhala ndi dzina loti n'kulilemba mu fomyula ina, ndipo Muyezo Wosankhidwa ali nalo. Katundu khumi uja amapezeka pokokera Sub-Category pa Filters, kupita pa Top, kusankha By field, kulemba 10, n'kuloza ku Muyezo Wosankhidwa. Wowerenga akachoka pa Ndalama zolowa kupita pa Phindu, Tables amatuluka pa mndandanda wa khumiwo ndipo wina amalowa m'malo mwake.